Malangizo kwa Wofuna Mpando wa Kalabu ya Achinyamata

Ana anga, anyamata ndi asungwana amene maina anu atchulidwa kuti mupikisane pa mpando wa kalabu yanu, tsiku la chisankho likadzafika woyendetsa mwambo adzakupatsani mphindi zitatu, kapena zisanu akakhala munthu woleza mtima, kuti muimirire pamaso pa anzanu ndi kunena chifukwa chimene akusankhireni. Ndipo popeza ambiri a inu mumafika pa mphindi zimenezo muli ndi mtima wabwino koma mulibe mawu okonzeka, ndati ndikulongosolereni mmene mawu otere amamangidwira, kuti wosankhidwayo asankhidwe chifukwa cha zimene walonjeza, ndi kuti zimene walonjezazo zikhale zoti anzake angathe kudzamufunsa nazo chaka chikamatha.

Mphindi zitatu ndi nthawi yochepa ndithu. Munthu wolankhula mosathamanga, wopuma pamene payenera kupuma, sangapitirire mawu 300 m'nthawi imeneyo, ndipo akayamba ndi malonje aatali, natchula mlendo aliyense ndi udindo wake, nafotokoza kumene anabadwira ndi sukulu zimene anapitako, adzamva woyendetsa mwambo akuwomba m'manja kuti akhale pansi iye asanafike pa nkhani imene anaimirira. Ulemu usasowe, pakuti ngati amfumu kapena nduna yawo ali pomwepo sungayambe kulankhula osawalonjera. Koma malonjewo akhale a mpweya umodzi, dzina lako litsatire pomwepo, ndipo nthawi yonse yotsala uipereke ku malonjezo. Malonjezowo akhale atatu, chifukwa limodzi limaoneka ngati munthu sanaganize za kalabu yonse, ndipo asanu kapena asanu ndi awiri palibe amene amawasunga m'mutu kufikira nthawi yoponya voti, makamaka ngati opikisana nawo ena atatu alankhulanso pambuyo pako. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.

Koma tsono chimene ndikufuna muchigwiritse kwambiri ndi ichi, kuti si mawu onse oyamba ndi "ndidza" amene ali lonjezo. Mnyamata akaimirira nanena kuti adzatukula kalabu, adzabweretsa umodzi, adzaonetsetsa kuti achinyamata akumvedwa, wanena zokhumba za mtima wake, zimene mnzake wopikisana naye akuzikhumbanso, ndipo palibe tsiku limene munthu angadzamuloze chala kuti walephera, popeza palibe chimene anatchula. Lonjezo lenileni lili ndi chinthu chooneka ndi maso, lili ndi tsiku kapena mwezi wake, ndipo lili m'manja mwa wolonjezayo, kotero kuti silidikira chifundo cha munthu wina amene sanali pamsonkhanopo. Pa zitatuzi chotsirizachi ndicho chimagwetsa ambiri. Wapampando wa kalabu alibe mphamvu pa ndalama za mabungwe othandiza, sangalembe munthu ntchito, sangalamule kuti ngongole za boma zifike m'mudzi mwanu, ndipo sangagawe malo, pakuti malo ali m'manja mwa amfumu. Mphamvu zake ndi izi: kuitanitsa msonkhano ndi kuutsogolera, kukonza pamodzi ndi mlembi nkhani zoti zikambidwe, kufunsa msungichuma kuti aonetse buku, kugawa ntchito komiti ikagwirizana, ndi kuimirira kalabu pamaso pa amfumu, pa komiti ya chitukuko ya m'mudzi, ndi ku ofesi ya achinyamata ya paboma. Usanalembe liwu ngakhale limodzi, pempha kwa mlembi malamulo a kalabu yanu, uwerenge pamene akunena za wapampando ndi kutalika kwa nthawi yake, ndipo malonjezo ako onse akhale m'kati mwa malire amenewo.

M'Buku Lopatulika muli anthu awiri amene wofuna mpando ayenera kuwakumbukira. Abisalomu mwana wa Davide ankalawirira kukaima pa njira ya ku chipata, nauza aliyense wobwera ndi mlandu kuti mlandu wakewo ndi wabwino, koma palibe woumva, ndi kuti iye akadakhala woweruza zonse zikadalongosoka. Anakopa anthu ndi mawu amene sanamulipiritse kanthu, popeza kuvomereza dandaulo la munthu aliyense n'kosavuta kwa iye amene sanakhalepo pa mpando. Winayo ndi Herode, amene pamaso pa alendo ake analumbira kupereka chilichonse chimene msungwana amene anamuvinira angapemphe, asanadziwe chimene adzapemphe, ndipo mpaka lero timati lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane. Choncho mawu akuti "chilichonse chimene mungafune ndidzakuchitirani" asatuluke pakamwa pako, ngakhale anthu amawawombera m'manja, chifukwa omwe akuwombawo aliyense ali ndi chake chimene akufuna, ndipo onse adzabwera kudzalonjerera.

Tiyeni tsono tiyerekeze kalabu imodzi, kuti zimene ndikunenazi zikhale ndi thupi. Tinene kuti ili ndi mamembala 40, amasonkha K500 pa mwezi, amakumana Loweruka lililonse, ndipo chisankho chikuchitika m'mwezi wa Julaye. Wofuna mpando wanzeru sayamba ndi kulemba. Amayamba ndi kuyenda, nafunsa anzake mmodzimmodzi, makamaka amene analeka kubwera, chimene chinawafooketsa. Tinene kuti amva madandaulo ambiri, koma atatu akubwerezedwa pakamwa pa anthu osiyanasiyana: kuti ndalama zosonkha sadziwa kumene zimapita, kuti misonkhano imayamba mochedwa ndi kutha kutada, ndi kuti chaka chatha chonse kalabu sinachite kanthu koti munthu angaloze. Malonjezo ake atuluke m'madandaulo amenewa, pakuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Ndiyambe ndi ndalama, chifukwa makalabu ambiri amene ndawaona akufa anafa ndi matenda amenewa, ndipo nthawi zambiri popanda wakuba n'komwe, koma chifukwa cha mdima wokha umene unachititsa kuti aliyense akayikire mnzake. Anthu 40 osonkha K500 ayenera kubweretsa K20,000 pa mwezi, ndipo wofuna mpando wosasamala adzachulukitsa imeneyo ndi miyezi 12, napeza K240,000, nayamba kulonjeza yunifomu ya mpira wamiyendo ndi ya mpira wamanja pamodzi ndi nsapato zake. Koma akadakhala pansi ndi msungichuma, mwina akadapeza kuti amene amasonkha mokhulupirika ndi 25 okha, kutanthauza K12,500 pa mwezi ndi K150,000 pa chaka, ndipo pa imeneyonso pamachoka ya chipepeso pakagwa maliro, ya makope ndi zolembera, ndi ya ulendo wa amene atumidwa ku boma. Ambuye Yesu anaphunzitsa za munthu wofuna kumanga nsanja kuti ayambe wakhala pansi ndi kuwerengera mtengo wake, kuopa kuti angasekedwe atasiyira pa maziko. Ndipo phunziro limenelo likukhudza mwana wa kalabu monga mmene likhudzira womanga nyumba. Chifukwa chake lonjezo loyamba lisakhale la kugula kanthu, likhale la kuunika. Wofuna mpando alonjeze kuti Loweruka loyamba la mwezi uliwonse, nkhani zina zisanayambe, msungichuma adzaimirira ndi kuwerenga manambala atatu, zimene zalowa, zimene zatuluka, ndi zimene zatsala, ndipo buku lidzaikidwa patebulo kuti aliyense wofuna alitsegule. Aonjezepo kuti ndalama iliyonse yotuluka idzasainidwa ndi anthu awiri, ndi kuti iye mwini sadzasunga ndalama ya kalabu m'thumba mwake kapena m'foni mwake ngakhale usiku umodzi. Lonjezo limeneli silifuna tambala kuti likwaniritsidwe, aliyense angathe kuona mwezi woyamba womwe ngati lasungidwa, ndipo kawirikawiri limabweza aja 15 amene analeka kusonkha, pakuti munthu amaumira ndalama yake akaona kuti ikulowa m'dzenje losaoneka pansi pake. Ndichenjezepo chimodzi, kuti ponena zimenezi usayang'ane msungichuma amene alipo ngati ukumuzenga mlandu. Ngati uli ndi umboni woti ndalama inasowa, malo ake ndi kukomiti, osati m'mawu ofunira mavoti.

Lachiwiri ndi la nthawi, ndipo silifuna mawu ambiri. Ndondomeko ya achinyamata ya dziko la Malawi ya m'chaka cha 2013 inkawerenga wachinyamata kuyambira zaka 10 kufikira 35, motero m'kalabu imodzi mungakhale mwana wa sukulu, mayi wa mwana wakhanda, ndi bambo wa geni yake; ndipo msonkhano woitanidwa 2 koloko koma n'kuyamba 4 koloko umalanga poyamba asungwana, amene ayenera kukatunga madzi ndi kuphika dzuwa lisanalowe, ndipo makolo awo akaona kuti akufika kutada amawaletsa kubweranso. Wapampando ndiye amatsegula ndi kutseka msonkhano, choncho angathe kulonjeza popanda mantha kuti udzayamba 2 koloko ndi amene alipo, nudzatha 4 koloko. Koma ayang'ane m'malamulo chiwerengero cha anthu ofunika kuti chigamulo chimangidwe, kuti nkhani zazikulu aziziika kumapeto, ochedwa atafika.

Lachitatu likhale ntchito ya manja, imodzi yokha, yoti idzaoneke. M'kalabu tayerekezayi tinene kuti ndi nazale ya mitengo, ndipo pano pali luso limene ndikufuna mulione bwino. Wofuna mpando asalonjeze kuti kalabu idzakhala ndi mitengo 1,000 yamoyo, chifukwa moyo wa mtengo uli m'manja mwa mvula, chiswe, mbuzi ndi moto wolusa. Alonjeze machubu 1,000 odzazidwa ndi kufesedwa, pakuti zimenezo ndi za manja a anthu, ndipo kuwerengera kwake n'kwapafupi: anthu 40, aliyense machubu 25, ntchito ya Loweruka limodzi kapena awiri. Nyengo yodzala mitengo m'Malawi imayamba pa 15 Disembala ndi kutha pa 15 Epulo, ndipo mbande zimafuna miyezi iwiri kapena itatu m'nazale zisanawokedwe, motero kufesa kuyenera kuchitika m'Sepitembala kapena kumayambiriro kwa Okutobala, nthawi imene dzuwa likuswa mtengo ndipo kuthirira kumafunika m'mawa ndi madzulo. Pamenepa ndi pamene nazale zambiri zimafera, chifukwa tsiku lodzaza machubu kumabwera khamu, koma sabata yachitatu yothirira pamatsala anthu awiri. Chotero lonjezolo litchulenso mndandanda wa othirira, anthu angapo tsiku lililonse mosinthana. Mbewu ya nsangu ili ndi khungu lolimba ndipo imafuna kukandidwa pang'ono isanafesedwe, ndipo zotere mlangizi wa zankhalango kapena wa zaulimi wa dera lanu adzakuphunzitsani. Koma choyamba pa zonse ndi malo oyandikira madzi, ndipo popeza malo si a wapampando, wofuna mpando apite kwa amfumu chisankho chisanafike, mwaulemu ndi kudzera kwa nduna yawo, akamve ngati malowo angaperekedwe kwa kalabu, aliyense amene angapambane. Akavomera, lonjezo lilowe m'mawu ake. Akakana kapena akati ayambe aganiza, lonjezolo lichotsedwe, pafunidwe lina.

Zonsezi zikasonkhanitsidwa, mawu ake angamveke motere, ndipo muone kuti chilankhulo chake n'chapafupi kuposa changa, pakuti olembedwa amawerengedwa kawiri koma olankhulidwa amamveka kamodzi:

"Zikomo amfumu, zikomo oyendetsa chisankho, ndi inu nonse anzanga. Mumandidziwa, takhala limodzi m'kalabu muno, ndipo lero ndikupempha kuti mundipatse mpando kwa chaka chimodzi. Masiku apitawa ndayenda kufunsa anzathu, ndi amene analeka kubwera omwe, ndipo pa zimene ndamva ndikulonjeza zinthu zitatu.

"Choyamba ndi ndalama. Loweruka loyamba la mwezi uliwonse, tisanakambe china chilichonse, msungichuma adzatiwerengera zimene zalowa, zimene zatuluka, ndi zimene zatsala, ndipo buku lidzakhala patebulo kuti aliyense alione. Ndalama iliyonse yotuluka adzasainira anthu awiri, ndipo ine sindidzasunga ndalama ya kalabu.

"Chachiwiri ndi nthawi. Msonkhano udzayamba 2 koloko ndi amene afika, ndipo udzatha 4 koloko, kuti alongo athu ndi ana a sukulu azifika kunyumba kukadawala. Ine ndidzakhala woyamba kufika.

"Chachitatu ndi nazale. Pofika pa 15 Okutobala tidzakhala titadzaza ndi kufesa machubu 1,000, aliyense wa ife 25. Malo a kumtsinje amfumu avomera kale kuti apereka ku kalabu, ndipo mndandanda wa othirira tidzaupanga pamodzi tisanafese. Mvula ikakhazikika tidzawoka.

"Sindikulonjezani ntchito, ngongole, kapena ndalama za mabungwe, chifukwa zimenezo sizili m'manja mwanga. Koma zitatu izi zili m'manja mwathu: buku poyera, nthawi yosungidwa, ndi machubu 1,000. Ndikupempha mlembi azilembe lero lomwe, kuti mudzandifunse nazo. Anzanga amene ndikupikisana nawo ndi anthu abwino, ndipo aliyense amene mumusankhe ndidzagwira naye ntchito. Koma ngati zitatuzi mwazifuna, voti yanu mundipatse ine. Zikomo."

Mawu amenewa sakwana n'komwe mphindi zitatu, ndipo mpata wotsalawo ndi wopumira pakati pa lonjezo ndi linzake, kuti lililonse likhazikike m'makutu. Onani kuti lonjezo lililonse layamba ndi liwu limodzi lolitchula, ndalama, nthawi, nazale, ndipo kumapeto onse atatu abwerezedwa mwachidule, kuti amene anali kutonthoza mwana kapena kucheukira kumsewu awapeze kachiwiri. Onaninso kuti wolankhulayo wanena poyera zimene sangathe, chinthu chimene ana ambiri amachiopa poganiza kuti chiwachepetsa, pamene kunena zoona ndicho chimachititsa kuti zotsalazo zikhulupirike. Ndipo wapempha voti ndi pakamwa pake. Ndaona ena akulankhula bwino kuyambira poyamba kufikira potsiriza, koma n'kukhala pansi osapempha kanthu chifukwa cha manyazi, ngati kuti anabwera kudzapereka malangizo kwa amene adzapambane.

Usaloweze mawu onse pamtima ngati ndakatulo ya kusukulu, pakuti liwu limodzi likakuthawa onse otsatira amathawa nalo. Lemba pa kapepala mitu itatuyo ndi manambala ake, ndipo zotsalazo uzinene monga umalankhulira ndi anzako. Kuti udziwe ngati mawu ako apsa, uwanene dzulo lake pamaso pa munthu mmodzi amene sali m'kalabu, mlongo wako kapena amalume ako, wina akuyang'ana wotchi, ndipo patapita kanthawi umufunse kuti wamva malonjezo anji. Akatchula onse atatu ndi manambala ake, wakonzeka. Akati unalankhula bwino koma n'kulephera kutchula chimene unalonjeza, bwerera ukadule, chifukwa pali mawu okometsera amene aphimba nkhani. Pa tsikulo uyang'ane amene akhala kumbuyo kwenikweni ndi kulankhula kuti iwowo amve, ndipo ukaona anthu ayamba kunong'onezana kapena kutulutsa mafoni, usakweze mawu ndi kuonjezera zina, lumphira pa lonjezo lotsatira.

Za mnzako wopikisana naye usanene choipa, ngakhale iye atayamba. Ukamunyoza, abale ake ndi abwenzi ake, amene mwina akadakusankha m'chinsinsi cha mitima yawo, amakakamizika kumuikira kumbuyo. Ndipo kumbuka kuti mawa lake adzakhalabe membala, ndipo machubu ake 25 udzawafuna. Pa chifukwa chomwechi ndimakonda kuti makalabu azivota polemba pa timapepala, kusiyana ndi kuima pamzere kumbuyo kwa munthu, pakuti mzere umaonetsa poyera amene wakana mnzake, ndipo mabala ake amachedwa kupola. Usagawenso maswiti, zakumwa kapena mayunitsi a foni kuti akuvotere. Dziko linafika pokhazikitsa lamulo la zipani la m'chaka cha 2018 loletsa andale kugawa zinthu pokopa ovota, ndipo ngakhale lamulolo silifika m'kalabu yanu, chifukwa chake chimafikamo: amene wagula mavoti amayesa kuti walipira kale, ndipo amene anagulidwawo alibenso pakamwa pomufunsira za buku la ndalama.

Ukasankhidwa, pamsonkhano woyamba womwe upemphe mlembi awerenge malonjezo atatu aja monga anawalembera, ndipo uuze komiti kuti miyezi itatu iliyonse pakhale nthawi yoti mamembala anene ngati akusungidwa. Lina likakanika pa chifukwa chimene sunachione, monga chitsime chothirira nazale chikaphwa mu Okutobala, uyambe ndiwe kunena anthu asanakufunse, utchule chimene chachitika, machubu amene apulumuka, ndi tsiku latsopano limene ntchitoyo idzachitike. Ukapanda kusankhidwa, umugwire chanza wopambanayo pamaso pa onse, umupititse kwa nduna ya amfumu kuti akadziwe malo a nazale aja, ndipo nkhani ya kuwerenga buku mwezi ndi mwezi uibweretse pamsonkhano wotsatira ngati ganizo la membala wamba, kuti ikambidwe ndi kulowa m'malamulo a kalabu.